Dzina la pa Keyala ya Imelo: A M. Tembo Asalembe "mtembo"

Masiku amene makalata onse ankayenda ndi positi, mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma sankavutika kusankha keyala. Ankalemba dzina lake monga momwe lilili pa satifiketi, pansi pake nalemba dzina la sukulu kapena la ofesi, nambala ya bokosi la ku positi ofesi ndi boma limene akukhala, basi. Keyalayo sankaipeka yekha, kotero kuti inalibe mpata womuchititsa manyazi.

Lero zinthu zasintha. Munthu wofunsira ntchito, wofuna kukwezedwa pa udindo, wopempha malo ku sukulu ya ukachenjede kapena thandizo la maphunziro a kunja amauzidwa kuti alembe keyala ya imelo pa fomu, ndipo yankho likakhalapo, kawirikawiri limadzera komweko. Tsono keyala imeneyi munthu amaipanga yekha, mwinanso amamupangira mphwake kapena mnyamata wogulitsa mafoni, mothamanga, tsiku logula foni. Chotsatira chake n'chakuti pamwamba pa kalata yolembedwa mwaulemu, ya munthu wa zaka 40 amene waphunzitsa ana kwa zaka 15, pamapezeka dzina longa `sweetbaby265` kapena `mfumuyaghetto`. Amene akuwerenga kalatayo sanamuonepo mwini wake. Choyamba kuchiona ndi dzina limenelo.

Keyala iliyonse ya imelo ili ndi zigawo ziwiri, ndipo pakati pake pali chizindikiro cha @. Amene anasankha chizindikirochi ndi Ray Tomlinson, katswiri wa makompyuta wa ku Amereka, m'chaka cha 1971, pofuna kulekanitsa dzina la munthu ndi dzina la makina amene akusunga makalata ake. Chigawo cha kumanja, monga `gmail.com`, chili ngati positi ofesi, ndipo ndi cha kampani kapena ofesi yosunga makalatawo. Chigawo cha kumanzere ndicho cha munthu mwini, ndipo pa keyala yonse mpokhapo pamene ali ndi ufulu wosankha.

DZINA LA PA SATIFIKETI

Munthu wa kuno sakhala ndi dzina limodzi. Ali ndi dzina la kumudzi, dzina la ku tchalitchi kapena ku mzikiti, dzina limene anzake anamupatsa ku sekondale, ndiponso la mfunda limene amamulemekeza nalo, monga Nabanda kapena Naphiri. Onsewa ndi ake ndithu. Koma pa keyala yogwirira ntchito payenera kukhala dzina limodzi lokha, limene lili pa satifiketi ya mayeso ndi pa chiphaso cha unzika, lolembedwa monga momwe analilembera pamenepo.

Chifukwa chake si ulemu wokha ayi. Kalaliki amene walandira makalata mazanamazana ofunsira ntchito imodzi amayenera kulumikiza kalata ya pa imelo ndi mapepala amene ali m'failo. Akafuna kalata ya munthu wakutiwakuti, amalemba dzina la munthuyo pa malo ofufuzira, ndipo makina amatulutsa makalata okhala ndi dzinalo. Ngati mapepala akuti Tembo koma keyala ikuti `anganga77`, kalalikiyo ayenera kutsegula makalata amodziamodzi kuti adziwe mwini wake, ndipo tsiku lotanganidwa sachita zimenezo. Chimodzimodzinso pamene akutumiza makalata oitanira anthu ku mayeso a ntchito: amakopera makeyala kuchokera pa mafomu, ena olembedwa pamanja. Keyala yofanana ndi dzina la pa fomu imadziwongola yokha, pakuti chilembo chikapanda kuoneka bwino, amayang'ana dzinalo nadziwa chimene chalembedwa. Keyala yosagwirizana ndi dzina ilibe poyang'ana.

Kuyambira chaka cha 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalemba nzika m'dziko lonse ndi kupereka ziphaso, mabanki ndi maofesi ambiri amatsata kalembedwe ka dzina ka pa chiphasocho. Apa mpofunika kusamala, chifukwa m'chilankhulo chino "l" ndi "r" amalowana, ndipo "h" ena amamulemba, ena amamusiya. Chirwa ndi Chilwa pakamwa ndi dzina limodzi, monganso Nkhoma ndi Nkoma amamveka mofanana pa lamya yosamveka bwino, koma kwa makina awa ndi anthu osiyana. Munthu asalembe keyala kuchokera m'mutu. Atenge chiphaso, achiike patsogolo pake, nakopera chilembo ndi chilembo.

Amayi ali ndi funso lina. Amene anakwatiwa natenga dzina la amuna awo, pamene masatifiketi onse ali ndi dzina la bambo awo, achita bwino kufunsa kuti ndi dzina liti limene lili pa mapepala olandirira malipiro ndi pa chiphaso. Keyala itsate limenelo. Dzina la banja likhoza kuonekerabe pa malo ena amene afotokozedwa m'munsimu.

ZIMENE MAKINA SALOLA

Popeza anthu ambiri okhala ndi mafoni a Android ali ndi keyala ya Gmail, malamulo a kumeneko ndiwo oyenera kuwadziwa. Dzina la kumanzere kwa @ liyenera kukhala ndi zilembo zosachepera 6 ndi zosapitirira 30. Zololedwa ndi zilembo kuyambira `a` mpaka `z`, manambala ndi kadontho. Kadonthoko sikangakhale koyambirira kapena kotsiriza, ndipo timadontho tiwiri sitingatsatane. Mpata pakati pa mawu suloledwa. Zilembo zazikulu zilibe kanthu: `Tembo` ndi `tembo` n'chimodzi.

Malamulo amenewa amapweteka mayina ena a kuno. Kachizindikiro kam'mwamba ka m'mayina onga Ng'oma, Ng'ambi ndi M'bwana sikaloledwa pa Gmail, ngakhale kuti malamulo aakulu a imelo sakaletsa. Bambo Ng'oma amakakamizika kulemba `ngoma`, ndipo ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya m'tchire. Palibe chochitira, koma munthu wotere azikumbukira kunena, popatsa mnzake keyala, kuti kachizindikiroko palibe, chifukwa mnzakeyo akakalemba, kalata sifika. Chilembo cha ŵ chokhala ndi kachipewa nachonso sichiloledwa, ndipo chimalembedwa `w` wamba.

Kamzere kam'munsi, aka `_`, Gmail sikalola, koma makampani ena monga Yahoo ndi Outlook amakalola. Ngakhale kumeneko n'kwabwino kukapewa. Keyala ikalembedwa pa kompyuta, makina amakonda kuijambulira mzere pansi pake, ndipo kamzereko kamabisika mumzerewo, wowerenga naganiza kuti pali mpata. Ndiponso anthu ambiri sadziwa dzina lake, kotero kuti kukatchula pa lamya ndi ntchito.

CHITSANZO CHA DZINA LIMODZI

Kuti nkhaniyi imveke, pakhale dzina lachitsanzo, losaloza munthu aliyense: mphunzitsi wamkazi amene satifiketi yake yalembedwa Madalitso Grace Tembo. Wakhala pansi kuti apange keyala yofunsira udindo.

Njira yoyamba imene imabwera m'maganizo ndi imene maofesi ambiri amatsata, ndiyo kutenga chilembo choyamba cha dzina ndi kuchiphatika ku dzina la bambo. Ku maiko a Azungu njira imeneyi siivuta kwenikweni. Kuno ndi msampha, chifukwa mawu ambiri a Chichewa amayamba ndi "m" kapena "n" wotsatana ndi chilembo china, ndipo mayina oyamba ndi M ndi ochuluka: Madalitso, Mphatso, Mercy, Moses, Mary. M. Tembo akaphatikizidwa amatuluka `mtembo`. M. Phiri amatuluka `mphiri`, njoka yaululu ija. U. M. Banda amatuluka `umbanda`. Pa pepala palibe amene amaona vuto, pakuti pamakhala kadontho, mpata ndi chilembo chachikulu. Pa keyala zonsezi zimachoka, ndipo chotsala ndi mawu amodzi amene Mchewa aliyense amawawerenga monga momwe alili. Mwini dzina ndiye amachedwa kuona, chifukwa maso ake anazolowera kuona dzina lake pamenepo. Choncho dzina lililonse lophatikiza liyenera kuwerengedwa mokweza monga mawu amodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, ndipo ndi bwino kuti aliwerenge munthu wina amene sanauzidwe tanthauzo lake.

Mphunzitsi uja asiya `mtembo`, nayesa dzina lonse, `madalitsotembo`. Ili ndilo labwino koposa: lili ndi zilembo 14, likugwirizana ndi satifiketi, ndipo silisowa kulifotokoza. Koma makina amuyankha kuti dzinalo linatengedwa kale. Izi sizodabwitsa. Gmail inayamba pa 1 Epulo 2004, ndipo dzina lililonse kumeneko limaperekedwa kwa munthu mmodzi pa dziko lonse lapansi. A Tembo, a Phiri, a Banda ndi a Mwale ali ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku Joni, ndipo amene anafulumira ndiye anatenga.

Apa ambiri amaganiza zoika kadontho pakati, kuti likhale `madalitso.tembo`. Pa Gmail zimenezi sizithandiza, chifukwa makina a kumeneko sawerengera timadontho. Kwa iwo mayina atatu awa ndi keyala imodzi, ya munthu mmodzi:

```
madalitsotembo
madalitso.tembo
m.adalitso.tembo
```

Mfundo imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Dzina lopanda kadontho likatengedwa, lokhala ndi kadontho latengedwanso. Koma amene dzinalo ndi lake akhoza kulilemba ndi kadontho pa fomu kuti liwerengeke bwino, osaopa kanthu, pakuti ngakhale kalaliki aiwale kadonthoko, kalata ifika. Awerengi azindikire kuti zimenezi ndi za makeyala otsiriza ndi `gmail.com` okha. Pa makeyala a ku ofesi ndi a makampani ena, kadontho kamasintha keyala.

Makina akakana dzina, amapereka mayina ena a iwo okha, okhala ndi manambala kumapeto, monga `madalitsotembo482`. Munthu wotopa amangolandira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pali njira zina zosachoka pa dzina lenileni. Mphunzitsi uja akhoza kutembenuza mayina, monga momwe amalembera m'kaundula wa sukulu, likhale `tembo.madalitso`. Akhoza kuika chilembo cha dzina lapakati, `madalitso.g.tembo`. Akhozanso kulemba dzina lapakati lonse, `madalitso.grace.tembo`, limene pamodzi ndi timadontho lili ndi zilembo 21, ndiye kuti silinafike pa malire a 30.

Mwa njira zitatuzi, imene imaoneka yaudongo ndi ya chilembo chapakati, koma ndiyo yokhala ndi ngozi yobisika. Timadontho tikachotsedwa, `madalitsogtembo` amasiyana ndi `madalitsotembo` pa chilembo chimodzi chokha. Kalaliki akadumpha `g` ameneyo, kalata sibwerera kwa wotumiza, chifukwa keyala imene walembayo ilipo ndithu, ndipo mwini wake ndi Madalitso Tembo wina. Kalata yoitanira ku mayeso a ntchito imagwera kwa mnzake wa dzina, wotumiza nakhulupirira kuti yafika, ndipo mphunzitsi uja amadikira mpaka tsiku litapita, namaganiza kuti sanasankhidwe. Njira yotembenuza mayina nayonso ili ndi ngozi yofanana, ngakhale yocheperapo, pakuti munthu wolemba kuchokera m'mutu amabwezera mayina m'malo mwake. Chifukwa chake dzina lapakati lathunthu, ngakhale ndi lalitali, ndilo lodalirika: mawu athunthu sadumphika monga chilembo chimodzi.

Zonsezi zikakhala zitatengedwa, patsala njira ziwiri. Ina ndi kuyesa dzina lomwelo ku kampani ina, monga Outlook, pakuti kampani iliyonse ili ndi kaundula wakewake. Ina ndi kuwonjezera kachidutswa kosasintha moyo wonse, monga `mw`, zilembo zoimira dziko la Malawi pa intaneti, kuti likhale `madalitso.tembo.mw`. Chidule cha dzina chonga `mada.tembo` si choipa, popeza dzina la bambo likuonekabe, koma chikhale cha pambuyo pa zinazi.

CHAKA CHOBADWA NDI MANAMBALA

Nambala imene anthu amathamangira ndi chaka chobadwa, chifukwa saiiwala. Koma `tembo1991` akuuza aliyense wolandira kalata zaka za mwini wake, ngakhale amene sanafunse. Pofunsira ntchito, munthu amaweruzidwa kuti ndi mwana kapena kuti wakalamba kalata isanawerengedwe. Choopsa kwambiri n'chakuti tsiku lobadwa ndi limodzi la mafunso amene mabanki ndi makampani a mafoni amafunsa pofuna kutsimikiza kuti akulankhula ndi mwini akaunti. Amene walemba `tembo120391` wapereka tsiku, mwezi ndi chaka kwa wina aliyense, pamodzi ndi dzina. Wolemba nambala ya foni pa keyala wachita zoposa pamenepo, pakuti akamberembere amene amaimbira anthu kuti awabere ndalama za pa foni amangosowa dzina ndi nambala kuti bodza lawo limveke loona. Nambala ya ntchito ya m'Boma ndi nambala ya chiphaso siziyenera kuyandikira keyala n'komwe.

Ngati nambala siingapeweke, ikhale yaifupi, yopanda tanthauzo, ndipo isakhale 0 kapena 1. Pa fomu yolembedwa pamanja, 0 amafanana ndi chilembo `o`, ndipo 1 amafanana ndi `l`. Dzina lotha ndi `o` likatsatana ndi 0, monga `tembo01`, wokopera sadziwa ngati pali `o` awiri, kapena ngati kumapeto kuli `ol`. Zilembo `r` ndi `n` zikagundana nazonso zimaoneka ngati `m`.

UDINDO, SUKULU NDI CHIPANI

Pali kulakwa kwina kumene kumagwera anthu aulemu wawo, osati achibwana. Mphunzitsi wamkulu amapanga keyala yoyamba ndi `headteacher`, naphatikapo dzina la sukulu yake. Kalaliki wa za chuma amalemba `accounts` ndi dzina la boma limene akugwirako. Zimaoneka zolongosoka, koma wantchito wa Boma sakhala pamalo amodzi. Kalata yosamutsa imabwera, wa ku Nsanje napita ku Chitipa. Mphunzitsi wamkulu amakwezedwa nakhala mlangizi wa masukulu. Ndipo potsiriza aliyense amapuma pa ntchito. Keyala imatsala ikunena za udindo umene munthu anausiya. Pamabukanso mkangano: makolo, mabungwe ndi a ku ofesi ya maphunziro anazolowera kulembera sukulu pa keyala imeneyo, tsono wolowa m'malo amaifuna, pamene wochokayo ali ndi makalata ake a ku banki ndi a pabanja momwemo. Keyala ya sukulu ikhale ya sukulu, yosiyirana pamodzi ndi makiyi ndi chidindo. Keyala ya munthu ikhale ndi dzina la munthu.

Pa chifukwa chomwecho, keyala imene ofesi yapereka, monga zotsiriza ndi `gov.mw`, ndi yogwirira ntchito za ofesiyo. Mwini wake weniweni ndi wolemba ntchito, ndipo ikhoza kutsekedwa munthu akachoka. Amene analembetsa nayo ku banki kapena ku sukulu ya ukachenjede adzavutika tsiku limenelo. Kumbali inayo, makalata a Boma ayenera kuyenda pa keyala ya Boma kumene ilipo, osati pa ya munthu.

Maudindo a ulemu onga `dr`, `rev` ndi `hon` nawonso malo awo ndi pansi pa kalata, posainira. Za dzina la chipani n'zosachita kunena: wantchito wa Boma amatumikira anthu onse, ndipo keyala yonena za chipani imakhalabe pa mafailo zisankho zitapita. Timu ya mpira, ndime ya m'Buku Lopatulika, dzina la wokondedwa ndi dzina la mwana woyamba ndi zinthu zabwino pa malo ake, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimathandiza kalaliki kudziwa kuti kalata ndi ya yani. Keyala imodzi ya mwamuna ndi mkazi wake, yokhala ndi mayina onse awiri, imasokoneza chimodzimodzi.

Masamba a mchezo a pa intaneti amatsata nzeru yomweyi, kungoti malamulo amasiyana. Pa X, imene kale inkatchedwa Twitter, dzina silipitirira zilembo 15 ndipo kadontho sikaloledwa, kotero `madalitsotembo` akwana koma dzina lokhala ndi Grace silikwana. Amene akufuna kudziwika ndi dzina limodzi paliponse ayese kaye dzinalo pa malo onse amene akuwafuna asanakhazikike pa limodzi.

DZINA LOONEKERA

Ambiri sadziwa kuti kalata ya imelo imanyamula mayina awiri. Loyamba ndi keyala. Lachiwiri ndi dzina loonekera, limene wolandira amaliona pa mndandanda wa makalata asanatsegule. Pa foni, kawirikawiri ndi lokhali limene limaoneka. Munthu akhoza kukhala ndi keyala yabwino, koma kalata yake n'kufika ndi dzina loti "Big Boss", chifukwa ndi limene linalembedwa tsiku lopanga akaunti.

Dzina limeneli silimangidwa ndi malamulo a keyala. Limalola mipata, zilembo zazikulu, ŵ ndi kachizindikiro ka Ng'oma, ndipo limasinthika popanda kutaya makalata. Apa ndi pamene Bambo Ng'oma amabweza dzina lawo, ndipo mayi wokwatiwa akhoza kulemba mayina onse awiri. Pa Gmail ya pa kompyuta, munthu amapita ku `Settings`, kenaka `Accounts and Import`, napeza mzere wa `Send mail as`, nasintha pamenepo. Ayang'anenso chithunzi cha akauntiyo, pakuti nachonso chimaoneka kwa ena olandira.

Pali funso lina lofunika kwa amene keyala anachita kumupangira: mawu achinsinsi olowera akuwadziwa ndani? Mnyamata wa pamsika amene anatsegula akaunti kuti foni iyambe kugwira ntchito anasankha yekha mawu achinsinsi, ndipo mwina nambala yobwezeretsera akaunti anaika yake. Keyala yotere, ngakhale dzina lake likhale labwino, si ya kulandirirapo makalata a ntchito mpaka mwini atasintha mawu achinsinsi ndi kuikapo nambala yakeyake.

KUIYESA NDI KUSAMUKA

Keyala yatsopano iyesedwe isanalembedwe pa fomu iliyonse. Mwini aimbire mnzake lamya, amutchulire keyalayo kamodzi kokha, mnzakeyo ailembe pa pepala, natumiza kalata. Ikafika, keyalayo yakhoza. Mnzakeyo akafunsa kawiri katatu kuti "pamenepo pali chiyani?", ndiye kuti kalaliki wa ku likulu adzafunsanso chimodzimodzi, koma iye sadzakhala ndi womufunsa. Kalata yopita ku keyala imene kulibe imabwerera kwa wotumiza ndi mawu onga `Address not found`, ndipo kulakwa kotere kumadziwika msanga. Kalata imene sinabwerere komanso sinafike ndiyo yoopsa. Poyamba munthu ayang'ane mu `Spam`, ndipo ikasowa m'menemo, adziwe kuti pali keyala ya munthu wina yofanana kwambiri ndi yake.

Amene ali ndi keyala yakale yochititsa manyazi asaifafanize tsiku lomwelo. Keyalayo inalembedwa m'malo ambiri amene iye mwini anaiwala: ku banki, ku sukulu imene anaphunzira, pa masamba a mchezo, ndiponso ndi imene foni yake imagwirira ntchito. Njira yabwino ndi kupanga yatsopano, kenaka kulowa mu yakale ndi kuiuza, pa malo olembedwa `Forwarding`, kuti kalata iliyonse yofika izitumizidwa ku yatsopano. Gmail imayamba yatumiza uthenga ku keyala yatsopanoyo kuti mwini avomereze. Zikatero, kalata iliyonse yodzera ku keyala yakale imakhala chikumbutso cha malo amene sanauzidwe za kusinthaku, ndipo munthu amawadziwitsa amodziamodzi, kuyambira ku banki ndi ku ofesi yosunga mafailo a antchito.

Keyala yosiyidwa osaigwiritsa ntchito ili ndi ngozi zake. M'chaka cha 2013 kampani ya Yahoo inalanda mayina amene anakhala miyezi 12 osatsegulidwa ndi kulola anthu ena kuwatenga, ndipo ena mwa eni atsopanowo anayamba kulandira makalata a eni akale. Kampani ya Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti yokhala zaka ziwiri osatsegulidwa ikhoza kufafanizidwa pamodzi ndi makalata ake, kuyambira mwezi wa Disembala chaka chomwecho. Kumeneko dzina lofafanizidwa siliperekedwa kwa munthu wina, koma ngakhale mwini wake sangalipangenso. Choncho mphunzitsi amene wapeza `madalitso.grace.tembo` lero, nasunga keyalayo kuti adzaigwiritse ntchito tsiku lofunsira udindo, aziitsegula nthawi ndi nthawi, ngakhale kamodzi pa teremu.